Umboni wanga unandigwira ndekha

Kwa milungu iwiri intaneti kunyumba kwanga inkaduka madzulo aliwonse, dzuwa likangolowa. Ndinati ayi, anthu a kampaniwa andizolowera, ulendo uno ndiwapanikiza ndi umboni. Ndinatenga kope n'kukhala pansi moyang'anizana ndi modemu ngati mlonda.

Zimene ndinaona ndi izi. Kanyali ka `Power` kankayaka bwinobwino, ka `WLAN`, kosonyeza Wi-Fi ya m'nyumba, chimodzimodzi. Koma ka `DSL`, kosonyeza kulumikizana kwa modemu ndi kampani kudzera pa chingwe cha foni, kankayamba kuphethira, ka `Internet` n'kuzimiratu. Pakapita mphindi ziwiri zonse zinkabwerera, kenako n'kudukanso. Ndinayesanso pa kompyuta:

```
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Yoyambayo, yomwe imangofika pa modemu, inkayankha nthawi zonse. Yachiwiri, yotuluka kunja, inkangoti `Request timed out`. Apa ndinadziguguda pachifuwa: vuto silili pakati pa kompyuta ndi modemu, lili pa chingwe chawo. Patsamba la modemu ndinapezanso `SNR Margin`, nambala yosonyeza kuti siginolo yaposa bwanji phokoso la m'chingwe. Masana inkakhala 9 dB, madzulo n'kugwa kufika pa 2.

Kalata yodandaula ku kampaniyo ndinailemba mwaukali, masamba atatu, yokhala ndi tsiku ndi nthawi ya kuduka kulikonse. Ndinamaliza ndi mawu oti "musandiuze zozimitsa n'kuyatsanso, si ine mwana." Mayi a kunyumba anati mzere umenewo ndiuchotse. Sindinamvere.

Mmisiri anabwera Lachinayi madzulo, kalata yanga ili m'manja. Anaiyamikira, n'kunena kuti ambiri amangolemba kuti intaneti sikugwira basi. Ine mapewa m'mwamba. Kenako analoza nthawi zija.

"Bambo, tsiku loyamba inaduka 6:02, lomaliza 6:09. Ikanakhala nkhani yochuluka anthu pa intaneti, liwiro likanangotsika, `DSL` sikanaphethira. Ichi chikutsatira dzuwa. N'chiyani pano chimayaka chokha kukada?"

Kukhosi kunauma gwa. Mwezi wathawo ndinali nditaika ndekha getsi lapanja, lija lodziyatsa kukachita mdima, lotchipa kwambiri. Waya wake ndinaumangirira limodzi ndi chingwe cha foni kutsata khoma lonse, kuti zioneke mwaudongo. Ndinaitananso aneba kudzaona luso langa.

Tinadikira panja. Getsi linati ngwee, ndipo mwana wanga anakuwa ali m'nyumba kuti `DSL` yayamba kuphethira. Mmisiri anathimitsa getsilo pa switchi, modemu italumikizanso nambala ija inabwerera pa 9. Anafotokoza modekha kuti kachipangizo ka m'kati mwa magetsi otchipa oterowo kamatulutsa phokoso, ndipo chingwe cha foni chikagona pambali pa waya wake chimalitola lonse.

Pochoka anapempha kuti kalata ija aisunge, azikaphunzitsira anzake atsopano. Mayi a kunyumba anafunsa ngati akatenge ndi mzere womaliza uja.

"Makamaka umenewo, mayi," anatero.