Mtundu wa kampani mu pulomputi: dzina lokha silikwanira

Ndikafuna kuti pulogalamu yojambula zithunzi, monga Midjourney kapena Stable Diffusion, itulutse kapu ya mtundu wa kampani, ndimayamba ndapeza nambala ya mtunduwo. Tinene kuti ndi #0B6E4F. Nambala yotere imasonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255: pamenepa kufiira ndi 11, kubiriwira 110, buluu 79. Ndi wobiriwira woderako, wopendekera ku buluu.

Ndikangolemba forest green mu pulomputi, mawu amene ndimalangizira pulogalamu, zimalakwika. Pa mndandanda wa mitundu wa CSS, chilankhulo chokongoletsera masamba a pa intaneti, dzinali ndi #228B22, ndipo buluu wake ndi 34 yekha, choncho ndi wowalirapo, wopita ku msipu. Komanso pulogalamu siyang'ana n'komwe mndandandawo. Inaphunzira pa zithunzi zambirimbiri ndi mawu amene anthu analemba pansi pake, ndipo aliyense ankatchula dzinalo pa mtundu wosiyanako ndi wa mnzake. Imakupatsa wapakatikati. Nthawi zina liwu lakuti forest limabweretsanso mitengo kumbuyo kwa kapu.

Nambala payokha nayonso siithetsa vutoli. Mapulogalamu ambiri amaiduladula n'kuiwerenga ngati mawu wamba, osati ngati muyeso, ngakhale ena atsopano amaitsatirako. Ndiye ndimalemba zonse pamodzi: mtundu, kudera kwake, kumene wapendekera, nambala, chinthu chimene ukhalepo, ndi kuwala.

```
matte ceramic mug, dark bluish green (#0B6E4F),
plain white background, soft neutral studio light
```

Mbali ya kuwalayi ambiri amaiiwala. Ndikapempha dzuwa la madzulo, kapu yonse imapita ku chikasu. Ikakhala yonyezimira, mbali ina imayera, ina imada, n'chifukwa chake ndimalemba matte. Zakumbuyo ndimazipatsa mtundu wakewake, apo ayi kubiriwira kumafalikira pa tebulo ndi pakhoma ngati utoto wa chitenje chosuluka m'beseni.

Chithunzi chikatuluka sindidalira maso, chifukwa sikirini iliyonse imaonetsa mwa njira yake. Ndimachitsegula mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kusankha Color Picker yoyezera mtundu, n'kuchonga Sample average kuti ndisayeze kadontho kamodzi kokha. Ndimayeza pakati pa kapu, kupewa mthunzi ndi ponyezimira. Tinene kuti ndapeza 30, 125, 60. Nambala ziwiri zoyambazo zakwera, ya buluu yatsika ndi 19: kapu yawala ndipo yapita ku msipu. Ndimasintha dark kukhala very dark n'kujambulanso ndi seed yomweyo, nambala imene pulogalamu imayambirapo kujambula. Kenako ndimasintha mawu a buluu. Kusintha zonse nthawi imodzi kumabisa chimene chathandiza.

Mtundu ukayandikira ndimalekera pomwepo, chifukwa pulomputi siingafike ndendende pa nambala. Ndimasankha kapu yokha mu GIMP n'kuikonza ndi Hue-Saturation mpaka pakati pake pawerenge pafupi ndi 11, 110, 79. Logo sindiipempha kwa pulogalamu yojambula ija. Ndimaimata ndekha kuchokera pa fayilo ya kampani. Ngati chithunzicho chikukasindikizidwa, ndimapempha osindikiza pepala limodzi loyesera kaye, poti inki ya CMYK siitulutsa mitundu yonse ya pa sikirini.