Chiperoni chinatsala pang'ono kutigwetsera bizinesi

Bizinesi yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi alamu anga, ndipo ofesi yake ndi khonde lakuseri kwa nyumba ku Chilomoni. Ine ndinali wokonza mawailesi ndi mafoni, iwo amadziwa za makompyuta. Timapanga timabokosi toyeza utsi ndi fumbi mu mpweya, n'kumakhoma pa masukulu ndi m'malo antchito kwa amene akufuna kudziwa chimene anthu awo akupuma. M'kabokosi kalikonse timaikamo zinthu zitatu: sensa ya PMS5003, kabodi ka ESP32 kotumiza manambala pa intaneti, ndi kasensa ka BME280 koyeza kutentha ndi chinyezi. Kachitatuka poyamba tinkangoikamo chifukwa n'kotchipa. Sitinkadziwa kuti ndi kamene kadzatipulumutse.

Sensa ya PMS5003 kukula kwake n'kongoposa pang'ono bokosi la machesi. Tsiku lina ndinaitsegula dala kuti ndione zam'kati. Muli kafani kamene kamakoka mpweya kudutsa m'kanjira kamdima, muli kaleza, kanyali ka kuwala kopyapyala ngati ulusi, kowala mopingasa njirayo, ndiye pambali pali kadiso kamene kamamva kuwala. Mukakhala m'nyumba ya udzu dzuwa n'kulowera pa kabowo, mumaona tifumbi tikunyezimira m'kuwalako. Sensa imachita zomwezo. Kanthu kakadutsa pa leza kamamwaza kuwala, kadiso kamagwira kuphethirako, ndipo kachipu kam'kati kamayerekeza kuti mpweyawo uli ndi tinthu tolemera bwanji. Nambala imene timaitsatira kwambiri ndi PM2.5, kutanthauza tinthu tosapitirira mamaikuloni 2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timeneti ndi timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo.

Mawu oti "kuyerekeza" ndiye mutu wa nkhani. Sensa ilibe sikelo. Siipima kulemera kwa kanthu kalikonse, imangoona kuwala n'kuganizira. Makina odula amene maboma amagwiritsa ntchito amasonkhanitsa fumbi pa kasefa, ndipo ambiri amayamba atenthetsa mpweya polowera kuti uume. Athuwa amameza mpweya mmene ulili.

Kasitomala wathu woyamba wolipira bwino inali sukulu ina yomwe si ya boma, kumtunda cha ku Limbe. Tinakhoma kabokosi mu Meyi, zonse zili bwino. Utafika mwezi wa Juni, ahedi anandiimbira foni m'mamawa, mawu akunjenjemera.

"Bambo, makina anu akuti 80. Ana ndiwabweze kunyumba?"

Anali ndi chifukwa chochitira mantha. Tinali titawauza tokha kuti malangizo a bungwe la WHO a mu 2021 amati PM2.5 isamapitirire mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi mukawerengera tsiku lonse. Ndinakwera minibasi. Nditafika ndinapeza chiperoni chakuta phiri, kabokosi kakudontha madzi pansi pake, juzi yanga yanyowa popanda mvula. Fungo la utsi linalipo, koma lapatalipatali. Pofika 10 koloko dzuwa linaboola mtambo ndipo nambala inagwa mpaka m'ma 20, popanda aliyense wozimitsa moto paliponse. Ahedi anandiyang'ana ngati munthu amene wawagulitsa mbuzi yodwala.

"Ndiye tikhulupirire iti, bambo, ya m'mawa kapena ya panopa?"

Yankho ndinalibe. Tinabweza ndalama za mwezi umenewo.

Usiku alamu anga anaika mizere iwiri pa chithunzi chimodzi, wa PM2.5 ndi wa chinyezi. Inkakwera limodzi n'kutsika limodzi ngati ana amapasa. Chimene chimachitika n'chakuti tinthu tambiri ta mu utsi timamwa madzi, monga mchere wa m'mbale umalowera madzi nyengo ya dzinja. Kanthu kakamwa madzi kamafufuma, kakafufuma kamamwaza kuwala kochuluka, ndipo sensa imawerenga madziwo ngati utsi. Chinyezi chikakhala chapakati vutoli limakhala laling'ono, koma chikadutsa cha m'ma 75 kapena 80 pelesenti limakula mothamanga. Pa chiperoni pamawonjezekanso china: timadontho ta nkhunguyo timalowa m'sensa n'kuwerengedwa. Ife tinali titaika masensa awiri m'mabokosi ena poganiza kuti akagwirizana ndiye kuti akunena zoona. Ayi ndithu, onse awiri amanama mofanana, chifukwa akupuma mpweya umodzi.

Akatswiri a za mpweya ali ndi masamu ochotsera madziwo, ndipo awa ndi amene tinaika mu pulogalamu yathu:

```
aw = RH / 100
C  = 1 + (k / 1.65) / (1/aw - 1)
PM_youma = PM_yowerengedwa / C
```

RH ndi chinyezi, k ndi nambala yosonyeza ludzu la tinthuto, pomwe C ndi nambala imene timagawira zimene sensa yawerenga kuti madzi achoke. Titenge k wa 0.3 tione m'mawa uja. Chinyezi chinali pa 90, choncho C amatuluka pafupifupi 2.6, ndipo 80 mukamugawa ndi 2.6 amatsala cha m'ma 30. Masana chinyezi chili pa 60, C amangokhala 1.3. Koma taonani kumtundako: pa 95 C amafika pafupifupi 4.5, pa 98 amayandikira 10. Kasensa ka chinyezi kakangophonya ndi mapelesenti atatu okha, zomwe sizachilendo kwa iko, yankho lonse lasokonekera. N'chifukwa chake chinyezi chikadutsa 90 sitikonzanso nambala. Timaionetsa yotuwa, ndi mawu akuti musadalire iyi.

Nayenso k si wa mtundu umodzi. Fumbi la mumsewu wa dothi la mu Okutobala silimwa madzi kwenikweni, mwaye wongotuluka kumene mu injini ya dizilo nawonso sumwa kwambiri, pomwe tinthu ta mchere monga salifeti ndi taludzu zedi. Mukagwiritsa ntchito k mmodzi chaka chonse, nyengo ina mudzachotsa mopyola muyeso n'kuuza anthu kuti mpweya uli bwino pamene suli bwino. Pali kanthu kenanso kamene kanatidyera sabata yathunthu. M'kati mwa bokosi mumatenthera chifukwa cha magetsi, ndiye chinyezi cha m'katimo chimatsika kusiyana ndi cha panja. BME280 ukaiika panja umachotsa zambiri, ukaiyandikitsa kwa ESP32 umachotsa zochepa. Pano timaiika pakamwa penipeni polowera mpweya wa sensa.

Tinayesanso kutenthetsa mpweya. Ndinakulunga kawaya kotenthetsa pa kapaipi kachitsulo kolowera mpweya, ndipo manambala a m'mawa anakhazikikadi. Koma kawayako kanamaliza batire la sola tambala asanalire, komanso mukatenthetsa kwambiri mbali ina ya utsi weniweniwo imauluka, nambala n'kutsika mwabodza. Timaika kotenthetsaka pokhapokha pamene pali magetsi a ESCOM, ndipo timangofunditsa pang'ono.

Chimene chimandivutabe ndi ichi. Nthawi imene chinyezi chimakwera ndi nthawi yomweyo imene utsi weniweni umachuluka. M'mawa wa Juni mbaula zayaka khomo lililonse, ena akuotha, ena akutentha zinyalala, ndipo mpweya wozizira umapanikiza utsiwo pansi mpaka dzuwa litatentha nthaka. Ndiye amene amati "ndi nkhungu chabe" nayenso akulakwa. Pa 80 uja, 50 anali madzi, koma 30 wotsalayo anali utsi, ndipo umenewo ana anaupumadi ali pa mzere wa asembule.

Ndinabwerera kwa ahedi ndi pepala la mizere iwiri ija, ndinawafotokozera zonse. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, chala chili pa 7 koloko, kenako anafunsa ngati n'zotheka kuti mlonda azitentha masamba a pabwalo ana ataweruka m'malo mwa m'bandakucha. Kabokosi kadakali pakhoma pomwepo, ndipo chaka chino anaitanitsa kachiwiri, ka kukhitchini kumene amaphikira phala pa nkhuni. Kumeneko nthunzi ya m'mapoto ikutipatsa mutu wina, moti Loweruka likubwerali ndikukakasunthira kutali ndi mafuwa.