Kalata ya ulendo wa ku mzikiti inandidyera masabata atatu

Lachiwiri lapitali tinapita ku mzikiti wa pa tauni yathu kuno ku Dedza, ine ndi ana 61 mwa 78 a Sitandade 7, ndipo tinabwerako bwinobwino, palibe anataya ngakhale nsapato. Ulendowo unali wa maola awiri basi. Koma kalata yodziwitsa makolo inanditengera masabata atatu ndi ndalama zopitirira K30,000 za m'thumba mwanga. Aphunzitsi anzanga amene mukuganiza zoterezi, tamvani mmene ndinapsera.

Sukulu yathu ana ambiri ndi a CCAP ndi a Katolika, Asilamu alipo asanu ndi mmodzi m'kalasi mwanga. Titafika pa mutu wa malo opembedzera, ndinaona kuti kujambula mzikiti pa bolodi ndi choko n'kutaya nthawi pamene weniweni uli pa mtunda wa makilomita awiri. Ahedi anavomera, Ashehe anavomera tsiku lomwelo. Ndiye ndinalemba kalata ya mizere isanu, kukapangitsa fotokope masamba 78 pa K150 limodzi, n'kugawira ana.

Kalata ija inkati ana "akacheza ku mzikiti", ndipo atsikana abwere ndi mpango wofunda kumutu. Basi. Chifukwa chofundira mpangowo sindinachilembe. Mawa lake kusanafunde n'komwe, pakhomo pa ofesi panali azimayi anayi. Mmodzi, mayi wa Chigwirizano, anali ndi kalata ija m'manja, itapindidwapindidwa ngati ya kuchipatala. Anati, "Aphunzitsi, mwana wanga ndinamubatiza ine. Mpango uwu ndi woti akalowe Chisilamu?" Ndinayesa kufotokoza, koma nkhani inali itafika kale ku mjigo ndi ku chigayo, kumene inali itakula kuti ana akavekedwa mikanjo n'kupatsidwa maina atsopano.

Musatulutse kalata komiti ya sukulu isanaimve. Ndikanaiwerenga kaye pamaso pa a komiti ndi a PTA, tcheyamani wathu, amenenso ndi mkulu wa mpingo, akanandigwira pa mawu aja a mpango ndisanawononge K11,700.

Tsono chimene chinandiwawa koposa si azimayi aja ayi, iwo anali ndi chifukwa. Ahedi, atachita mantha, anati kalata yachiwiri isatuluke popanda chidindo cha ofesi ina ya akuluakulu athu. Ndinaimba foni, anati bwerani Lachinayi m'mawa. Ndinasiyira mnzanga kalasi, kukwera kabaza wa njinga yamoto K4,000, mphepo ya Juni ya kuno mukuidziwa, makutu kuchita kuuma. Ndinafika 8 koloko. Mwini chidindo kulibe, ati apita ku wekishopu ku Lilongwe, makiyi a kabati ali m'thumba mwawo. Amene ndinawapeza anati dikirani, mwina atumiza. Ndinakhala pa benchi mpaka 2 koloko, m'mimba muli chimanga chootcha chimodzi. Pomaliza akubwera bambo wina, kuwerenga kalata ija ataima, n'kunena kuti, "Koma Aphunzitsi, ulendo wa pansi wa m'dera lanu lomwelo, siginecha ya ahedi ndi ya tcheyamani ikukwana. Kungotiuza pa foni tikanamva." Tsiku lonse! K8,000 ya kabaza kupita ndi kubwera! Ndiye funsani kaye pa foni funso lenileni, kuti chidindo chikufunika kapena ayi, osati kufunsa kuti ndibwere liti.

Ndaiwala kunena za tsiku. Poyamba ndinalemba Lachisanu, chifukwa ndilo tsiku lopepuka pa sukulu. Ashehe anaseka. Lachisanu masana ndi swala yaikulu ya Ijumaa, mzikiti umadzaza, ndipo anthu amayamba kufika dzuwa lisanafike pamutu. Asilamu amaswali kasanu pa tsiku, ndipo pakati pa swala ya m'bandakucha ndi ya masana pali mpata wautali. Tinagwirizana 9 koloko mpaka 11 koloko, Lachiwiri. Izi zinathandizanso kalata, chifukwa ndinatha kulemba moona kuti nthawi imeneyo mulibe mapemphero.

Kalata yachiwiri pakati pake inali motere:

"Ana akupita kukaona ndi kufunsa mafunso, monga gawo la phunziro lawo. Sakapemphera, sakagwada, ndipo sakauzidwa kubwereza mawu aliwonse a pemphero. Pa nthawi imeneyi mu mzikiti simudzakhala mapemphero. Aliyense adzavula nsapato pakhomo chifukwa mkatimo anthu amagunditsa chipumi pansi popemphera. Atsikana afunde mpango kapena chitenje kumutu polemekeza eni malo, monga timachitira pa maliro, ndipo akatuluka avula. Kholo limene silikufuna lili ndi ufulu wokana, mwana wake adzatsala ndi mphunzitsi wina ndipo sadzachotseredwa malikisi."

Kumwamba kunali tsiku, nthawi yonyamukira ndi yobwerera, kuti tiyenda pansi ndipo palibe cholipira, ndi kuti aphunzitsi atatu ndi makolo awiri a komiti aperekeza. Kumunsi ndinasiya kachigawo kong'amba: dzina la mwana, "ndalola" kapena "sindinalole", ndi malo osaina kapena kudinda chala. Ikani mawu onse awiri. Mukangoika "ndalola" yekha, simudziwa ngati kapepala kosabwerako ndi kukana kapena mwana anakulungira zitumbuwa.

Chiganizo chija cha "sakapemphera" ndicho chinagwira ntchito. Mayi wa Chigwirizano uja anasaina, n'kupemphanso kuti akhale mmodzi wa operekeza. Makolo 9 anakana, ndipo sindinawatsate kunyumba. Mapepala 8 sanabwerere, anawo anatsala, ngakhale awiri analira. Wopanda kapepala sapita, ngakhale alumbire kuti amayi avomera pakamwa.

Tcheyamani ndiye anandikumbutsa za kamba. Kuno nyengo ino ana amabwera ndi mbewa m'thumba, ena kanyama ka nkhumba ka pa chiwaya. Tinawonjezera mzere woti zakudya zonse zitsale m'kalasi. Ine ndekha sindikanaziganizira, n'chifukwa chake ndikuti komiti imve kalata isanapite ku fotokope. Tinaiwerenga pa msonkhano mokweza, kawiri, chifukwa makolo ena kalata amawerengeredwa ndi mwana yemweyo, ndipo mwana wofuna ulendo amadumpha mizere.

Ku mzikitiko ana anaona mipopi posambira m'manja, kumaso ndi mapazi, mbali ya amayi yotchingidwa, ndi kakhonde kolowa m'khoma la kutsogolo kosonyeza kumene kuli Maka, chakumpoto. Mnyamata wina anafunsa kuti mabenchi anapita kuti. Ali, mwana wa Chisilamu amene m'kalasi samveka n'komwe, anayankha Ashehe asanatsegule pakamwa.

Teremu ikubwerayi tikufuna kupita ku tchalitchi cha Katolika, ndipo makolo a ana a Chisilamu asanu ndi mmodzi aja alandira kalata yofanana ndi iyi, mzere ndi mzere. Ndakumana kale ndi bambo ake a Ali pa msika, afunsa ngati mwana wawo akadontheze madzi odalitsidwa aja a pakhomo la tchalitchi pa chipumi. Ndawauza kuti ayi, ndipo ndalemba kale m'kalatamo. K11,700 ya fotokope yachiwiri ahedi akuti andibwezera ndalama za sukulu zikabwera.