Glaikoliki, lakitiki kapena salisiliki: uti ukuyenera khungu liti?

M'phunziro la kasamalidwe ka khungu, asidi atatuwa amasokoneza ambiri chifukwa onse amachotsa khungu lakufa. Koma sagwira ntchito pamalo amodzi. Glaikoliki ndi lakitiki, omwe pa botolo amalembedwa kuti AHA, amasungunuka m'madzi, choncho amangomasula timaselo takufa ta pamwamba kuti tiyoyoke. Salisiliki, wa gulu la BHA, amasungunuka m'mafuta, ndiye amatha kulowa m'tizibowo ta khungu momwe mafuta aundana n'kutseka. Funso loyamba tsono n'lakuti vuto lili pamwamba kapena m'kati mwa tizibowoto.

Pakati pa ma AHA awiriwa kusiyana kuli pa kukula kwa molekyu, kachidutswa kochepetsetsa ka asidiyo. Ya glaikoliki ndi yaing'ono kwambiri m'gulu lonselo, kulemera kwake ndi 76 pomwe ya lakitiki ndi 90, motero glaikoliki amalowa msanga ndipo amayabwa msanga. Lakitiki, yemwenso ndi amene amawawasa chambiko, amalowa pang'onopang'ono komanso amathandiza khungu kusunga chinyontho. Kwa munthu amene nkhope imatuwa ndi kuthetheka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamakuntha kuno ku Kasungu, lakitiki wa 5 peresenti ndi poyambira pabwino. Glaikoliki amasalaza khungu mofulumira, koma pa khungu lakuda ine sindingamuike patsogolo, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa.

Khungu lathu likapsa kapena kutupa, maselo opanga mtundu amachulutsa melanini, chinthu chodetsa khungu, pamalo pamenepo. Kutupako kumatha pa masiku ochepa, koma dontho lakuda limatsala kwa miyezi. Choncho amene wagula glaikoliki wamphamvu kuti achotse madontho, n'kumapaka usiku uliwonse mpaka nkhope kunyerenyetsa, akhoza kudzibweretsera madontho atsopano oposa aja ankathawa. Kufiira komwe kumachenjeza anthu oyera khungu sikuoneka bwino pa ife. Zizindikiro zathu ndi izi: kuwawa ngakhale mwapaka mafuta wamba, nkhope kukokana ndi kunyezimira mosakhala bwino, ndi kusendeka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa. Zikatero siyani asidi yense, muzingopaka mafuta ofewetsa opanda fungo mpaka kuwawako kutheretu, mwina sabata imodzi kapena ziwiri.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 22, chipumi ndi mphuno zamafuta, ali ndi timitu takuda ndi ziphuphu zomwe zikapola zimasiya madontho. Maso ake ali pa madonthowo, koma gwero ndi tizibowo totseka, ndiye asankhe salisiliki, yemwe amagulitsidwa pa mlingo wa 0.5 mpaka 2 peresenti. Ayambe wayesa pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira masiku awiri. Ngati palibe vuto, madzulo asambe ndi sopo wofewa, adikire nkhope iume ndithu, chifukwa pa khungu lonyowa mankhwala amalowa kwambiri n'kuyabwa. Apake madontho atatu kapena anayi pamalo amafuta pokha, osafika m'zikope kapena pamilomo, kenako apake mafuta ofewetsa. Achite zimenezi kawiri pa sabata kwa masabata awiri oyamba, kenako azidumphitsa tsiku limodzi ngati khungu likulola. Ziphuphu zikachulukirako pang'ono poyamba m'malo omwe zimatulukira kale, asadabwe. Koma zikatuluka malo achilendo ndi kuyabwa, ndiye kuti mankhwalawo akumupsereza. Aweruze pakatha masabata 6 mpaka 8. Ziphuphu zikachepa m'pamene angaganize za lakitiki wa madontho aja, pa usiku wosiyana, osati kusanjikiza.

Peresenti yokha siinena zonse. Asidi amaluma kwambiri pH, nambala yoyezera kuwawasa kwa mankhwala, ikatsika, n'chifukwa chake ma AHA opaka kunyumba amayenera kusapitirira 10 peresenti ndipo pH yake isatsike pa 3.5. Aja a 30 peresenti ndi osenda khungu, ntchito ya munthu wophunzira, ndipo wa m'botolo lopanda chizindikiro wothiridwa pamsika musamukhudze n'komwe.

Ma AHA amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, mpaka sabata imodzi mutasiya kupaka. Popanda mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 m'mawa uliwonse, dzuwa la Okutobala lidetsa madontho mofulumira kuposa momwe asidi angawachotsere. Amene thupi lake limadana ndi asipirini apewe salisiliki, popeza ndi zapachibale, ndipo mayi woyembekezera afunse kaye kuchipatala. Amene wakhala akudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi siteroidi, khungu lake limakhala litapyapyala kale. Ameneyo aonane ndi a chipatala asanapake aliyense mwa atatuwa.