Kapulogalamu kanga kakupusitsidwa ndi "zikomo"

Sabata yachitatu tsopano ndikulimbana ndi kapulogalamu kosankha mauthenga a makasitomala a achemwali anga, amene amagulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Ndikufuna dandaulo likangofika lizipita lokha kwa mwini wake: za ndalama kwa mayi a pa kauntala, za katundu wochedwa kwa adalaivala, za mwano wa antchito kwa achemwaliwo.

Ndinayamba ndi VADER, pulogalamu yoyeza ngati uthenga ndi wokwiya kapena wokondwa, imene imapatsa uthenga nambala yotchedwa `compound`, kuyambira -1 kwa wokwiya kwambiri mpaka 1 kwa wokondwa kwambiri. Koma mawu amene imadziwa ndi a Chingerezi. Munthu akakalipa m'Chichewa, kawirikawiri imangotulutsa 0, ngati sanalankhule kanthu. Ndinaisiya.

Ndiye ndinakhala pansi madzulo anayi, tsiku lina magetsi atazima, n'kugawa pamanja mauthenga akale 420 m'magulu atatu: dandaulo, kuyamikira kapena funso chabe. Kenako ndinaphunzitsa kompyuta ndi zitsanzozo pogwiritsa ntchito scikit-learn, chida cha Python chophunzitsira makina:

```python
vec = TfidfVectorizer(analyzer="char_wb", ngram_range=(2, 5))
clf = LogisticRegression(class_weight="balanced")
```

Ndinasankha tizidutswa ta zilembo m'malo mwa mawu athunthu chifukwa kukana kwathu kumakhala m'kati mwa liwu. "Sanabwere", "sizinafike" ndi "simunatumize" kompyuta imaona ngati mawu atatu osadziwana, koma ikawaduladula imayamba kugwira "sana", "sizin" ndi "simun". Zimathandizanso kwa olemba mothamanga, a "sznafike" aja.

Lachinayi kunabwera uthenga uwu: "Zikomo bwana, simenti ija ndinalipira Lolemba pa foni koma kuno ku Chirimba sinafikebe. Pepani povutitsa." Kapulogalamu kanati uku n'kuyamikira, ndi chitsimikizo cha 0.71, ndipo uthengawo sunapite kwa aliyense. Bamboyo amisiri ake anangokhala pa sayiti tsiku lonse.

Nditayang'ana `clf.coef_`, pamene pamaoneka kulemera kwa kachidutswa kalikonse, ndinapeza kuti "zikom" ndi "bwana" zikukokera mwamphamvu ku kuyamikira. Ife tikakwiya timayamba ndi ulemu, nkhani yeniyeni n'kubwera pambuyo pa "koma". Tsopano ndimachotsa malonje ndisanayeze, ndipo uthenga ukakhala ndi "koma", zotsatira pamenepo ndimazilemba kawiri kuti zilemere. Pa mauthenga 84 amene ndinasunga pambali oyesera, madandaulo analipo 31. Poyamba kanaphonya 11, pano kakuphonya 4.

Uthenga womwewo unandionetsanso china. Kudziwa kuti munthu wakhumudwa sikukuuza woti amuthandize. Ndili ndi kapulogalamu kachiwiri kosankha nkhani, ndipo kataona "ndinalipira" kanaloza ku kauntala, chonsecho vuto linali la lole. Apa sindinachenjeretse: chitsimikizo chochokera ku `predict_proba` chikatsika pansi pa 0.6, uthenga umapita kwa achemwali kuti agawe okha, ine n'kuwonjezera yankho lawo pa zitsanzo.

Chimene chandikanika ndi chipongwe. Wina dzulo analemba kuti "mwatithandiza kwambiri, malata afika patatha sabata ziwiri", kapulogalamu n'kusangalala naye.