Memo ziwiri, anthu awiri, makiyi palibe

Ndimayang'anira depoti ya kampani ina yogulitsa simenti ndi malata pa Mangochi Boma. Wantchito akafuna tchuthi amalemba fomu, ine ndikulemba memo yopita ku ofesi yoona za ogwira ntchito ku Blantyre, yonena kuti ndavomereza komanso kuti ntchito yake igwiridwa ndi ndani. Memoyo ndi ya mizere yochepa: dzina ndi udindo wa munthuyo, mtundu wa tchuthi, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, tsiku lobwerera pantchito, masiku amene amutsalira, ndi dzina la womugwirizira.

Woyamba kupempha anali bambo wosunga katundu. Ankafuna masiku 12 kuyambira Lolemba pa 12 Meyi, akaone makolo ku Makanjira. Ife timagwira ntchito mpaka Loweruka, ndiye malinga ndi lamulo la zantchito la 2000 munthu amakhala ndi masiku 18 pachaka, pomwe ogwira masiku asanu pasabata amakhala ndi 15. Ndinalemba kuti amutsalira 6, abwerera pa 26 Meyi, ndipo ntchito zake zonse azigwira mayi kalaliki wathu. Patatha masabata angapo mayiwo anabwera ndi fomu yawo, kuti kuli ukwati wa mng'ono wawo ku Namwera. Ndinatsegula memo yakale ija, n'kusintha mayina, n'kulemba kuti ntchito zawo zonse azigwira bambo wosunga katundu. Nawonso kuyambira pa 12 Meyi.

Ku Blantyre memo ziwirizi zinafika masiku osiyana, kwa anthu osiyana, ndipo zonse zinadindidwa.

Lolemba m'mawa thiraki inafika ndi matumba 600 a simenti. Nyumba ya katundu yotseka. Ofesi ya malisiti yotseka. Ndinafunsa mlonda kuti anthu ali kuti, iye anvekere: "Bwana, Loweruka masana anapatsana makiyi n'kutsanzikana bwinobwino." Memo iliyonse inkati makiyi aperekedwe kwa wogwirizira, ndiye anamvera. Makiyi a nyumba ya katundu anakwera phiri kupita ku Namwera, a sefa yosungiramo ndalama ndi mabuku a malisiti anapita ku Makanjira.

Ndinaimbira mayi aja. Kumbuyo kukumveka nthungululu.

"Mayi, simunaone kuti nonse mukuchoka tsiku limodzi?"

"Tinaona, bwana. Koma memo munalemba ndinu, likulu linadinda. Ife ndani kuti titsutse?"

Ndinatuma wa njinga yamoto kukatenga makiyiwo, ine n'kutsala ndi dalaivala wa thiraki amene ankangoyang'ana wotchi, ndi aganyu amene anali atayamba kale kuwerengera dzuwa limene linkawawotcha. Simenti tinatsitsa madzulo. Sefa inatsegulidwa Lachinayi, makiyi atabwera ndi dalaivala wa matola mu envulopu yonunkha usipa.

Chiganizo choti "ntchito zake zonse azigwira uje" ndi chimene chimagwetsa anthu. Chimamveka chaulemu koma sichinena kanthu. Ntchito zimafunika kuzitchula imodziimodzi: wolandira katundu ndi kusainira pepala la dalaivala ndani, wolemba malisiti ndani, wopita ndi ndalama kubanki ndani, ndipo makiyi ati asiyidwa kwa ndani, tsiku liti. Pali zina zosayenera kupatsa munthu mmodzi. Wotulutsa katundu asakhalenso wolandira ndalama, chifukwa matumba akasowa palibe wotsutsa mnzake. Memo yanga inaphwanyanso zimenezi, ndipo a ku Blantyre anadzazindikira pambuyo pake, mokweza mawu ndithu. Chofunika kwambiri n'choti wogwirizirayo asaine pamemo pomwepo kuti wavomera ndipo adzakhalapo masiku onsewo. Mzere umenewo ukanakhalapo, mayi aja sakanasaina akudziwa kuti nsalu ya ukwati ili kale kwa telala. Ndipo musanalembe, onani kaye kalendala ya tchuthi ya anthu onse. Yathu inali pakhoma, kuseri kwa kabati.

Pa 26 Meyi mayi kalaliki anali atabwerera kale, ine ndikudikira wosunga katundu. Mpaka masana, zii. Ndinamuimbira ndi mawu a ubwana, kumukumbutsa zimene memo inanena. Anandiyankha modekha kuti tiwerengere limodzi. Tchuthi chimawerengedwa ndi masiku ogwira ntchito, ndiye Lamulungu silimalowa, ndipo Lachitatu pa 14 Meyi linali tsiku la Kamuzu, holide ya boma. Sabata yoyamba inampatsa masiku 5 okha, yachiwiri 6, kukwana 11. Tsiku la 12 linali lomwelo la pa 26, lomwe ndinkamukalipiralo. Kubwerera kwake kunali Lachiwiri pa 27.

Ndinayenera kulemba memo yachitatu yokonza tsikulo. Yankho la ku Blantyre linabwera ndi funso limodzi: pa 26 pamenepo, ntchito yake anagwira ndani? Ndinayang'ana malaya anga otuwa ndi simenti, n'kulemba dzina langa.