Nodi ya ku Nchalo yokana kutsanzika mapodi

Tamaliza kukweza Kubernetes kuchoka pa 1.29 kufika pa 1.30, koma mtima udakali m'mwamba. Kilasita yathu ili kuno ku Nchalo, manodi olamulira atatu, antchito anayi, ndipo imasunga kaundula wa alimi a nzimbe.

Musanagwire chilichonse, onani PDB, malire a mapodi amene angachotsedwe nthawi imodzi: lembani `kubectl get pdb -A` muone pa ALLOWED DISRUPTIONS. Pakakhala 0, imani pomwepo.

Olamulira ndiwo amayamba, chifukwa kubelet saloledwa kukhala watsopano kuposa kube-apiserver. Pa woyamba ndinachita `kubeadm upgrade apply`, pa enawo `kubeadm upgrade node`, mmodzimmodzi. Pa atatu, etcd imafuna awiri amoyo. Mukatsitsa awiri pamodzi, ulamuliro wonse wa kilasita waima. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwa kuno, ndinayamba ndaona kaye kuti m'jenereta muli dizilo.

Zonsezo zinayenda bwino. Chondipweteka chinali nodi yachiwiri ya antchito.

```
kubectl drain wantchito-2 --ignore-daemonsets
```

Mapodi ena anasamuka, imodzi inakana: "Cannot evict pod as it would violate the pod's disruption budget". Uthengawo umabwereza pa masekondi 5 alionse, ndipo popanda `--timeout` lamuloli silitopa, limangodikira. Amene anatiikira pulogalamu ya kaundulayo anasiya podi imodzi yokha, n'kuika `minAvailable: 1` mu PDB yake. Ndiye ichoke bwanji, poti ikachoka sipatsala kanthu? Foni osayankha. Tsiku linathera pamenepo, m'kachipinda kotentha ngati uvuni, nodi ili SchedulingDisabled, katundu yense ali pa anzake atatu, mafani a seva akulira. Mnzanga anati, "Achimwene, ikani `--disable-eviction` tizipita." Ndinakana, chifukwa imeneyo imangofafaniza podi osalabadira PDB, akalaliki n'kutsala opanda kaundula. Mankhwala ake anali kuonjezera mapodi akhale awiri ndi `kubectl scale`, kudikira yachiwiri ikhale Ready pa nodi ina, ndipo drain inadutsa yokha.

Ndaiwala kunena: pa pkgs.k8s.io nambala iliyonse ili ndi nkhokwe yake, choncho sinthani v1.29 ikhale v1.30 m'fayilo ya apt, apo ayi 1.30 simuiona. Kulumpha kuchoka pa 1.29 kufika pa 1.31 kubeadm salola.

Kwa antchito, yambani ndi nodi yopepuka katundu. Mukaikweza n'kuchita `uncordon`, imabwera yopanda kanthu, ndiyo imalandira mapodi a yotsatira, m'malo moti akathinane pa manodi akale amene achotsedwenso posachedwa. Ya detabesi ikhale yomaliza. Yathu disiki yake ili pa nodi pomwepo, ndiye podi imakhala Pending mpaka nodiyo ibwerere. Tinaichita usiku ofesi itatseka.

Musapite pa nodi ina `kubectl get nodes` isanaonetse Ready ndi v1.30. Ndipo PDB ija, chonde, ioneni dzulo lake.